Kulumikiza mkono wa chovala paphewa popanda makwinya: mafunso ndi mayankho

Mafunso awa ndi amene ophunzira kusoka amandifunsa kawirikawiri kuno ku Lusaka, ena atanyamula diresi lomwe aliphwasula kale kawiri. Mkono womwe tikukamba pano ndi uja wosalala, wokhala bwino paphewa ngati wa jekete, wosiyana ndi uja wotukumuka womwe amachita kuukwinya dala. Mbali yokhota ya pamwamba pa mkono ndiziitcha mutu wa mkono, ndipo malo omwe umalowamo pa chovala ndiziwatcha bowo la mkono.

Bwanji mutu wa mkono umakhala waukulu kuposa bowo? Kodi ndalakwitsa podula?

Simunalakwitse. Phewa la munthu ndi lobulungira, pamene nsalu ndi yafulati. Kuti nsalu ikute phewalo bwino, mutu wa mkono umayenera kukhala wautali pang'ono kuposa bowo, kenako utali wotsalawo umaumwazira pang'onopang'ono m'msoko mpaka nsalu itadzipinda yokha ngati chikho. Mkono wopanda kotsala n'komwe umakoka paphewa, ndipo wovalayo akatambasula dzanja kuti alipire kondakitala m'minibasi amamva ngati wamangidwa.

Vuto limabwera pamene kotsalako kachuluka kuposa momwe nsaluyo ingameze. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Anthu ambiri amaganiza kuti makwinya amabadwira pa makina, koma nthawi zambiri amakhala atabadwa kale patebulo lodulira, makina amangowasindikiza.

Ndiye kotsalako kazikhala kochuluka bwanji?

Zimatengera nsalu ndi mtundu wa chovala. Shati yachimuna, yomwe mutu wa mkono wake ndi waufupi, imafuna kochepa kwambiri, sentimita imodzi kapena kucheperapo. Bulauzi kapena diresi la nsalu yofewa limalandira masentimita 2.5 mpaka 4. Jekete la ubweya weniweni limatha kumeza masentimita 4 kapena 5, chifukwa ubweya umafupika ukaupatsa nthunzi. Nsalu yotamuka ngati ya tisheti siifuna kotsala kulikonse.

Chitenge, chomwe ambiri a ife timasoka tsiku ndi tsiku, n'chouma mtima. Ulusi wake ndi wolukidwa mothina, ndipo chatsopano chimabwera chili gwa ndi sitachi. Ine pa chitenge sindipitirira masentimita 2.5, ndipo chikakhala chija chosakaniza ndi poliyesitala, chonyezimira, ndimatsika kufika pa 1.5 kapena 2. Poliyesitala ngakhale muisite mpaka dzuwa kulowa siifupika, imangowala n'kupsa. Mapatani ogula kapena okopera m'mabuku ambiri anapangidwira nsalu zofewa, n'chifukwa chake munthu amatsatira patani bwinobwino koma pa chitenge n'kutuluka ndi makwinya.

Chitenge muzichichapa kaye, chiume, muchisite, kenako muzidula. Sitachi ikachoka nsalu imayamba kumva.

Ndiyeza bwanji kuti ndidziwe kuti kotsala n'kochuluka motani?

Yezani pa mzere womwe singano idzadutse, osati m'mphepete mwa nsalu. Ichi ndi chomwe chimasokoneza ambiri. Mphepete ya mutu wa mkono imakhotera kunja, choncho ndi yaitali kuposa mzere wosokera. Mphepete ya bowo imakhotera mkati, choncho ndi yaifupi kuposa mzere wake. Mukayerekeza mphepete ziwirizo mudzapeza kusiyana kwakukulu kochititsa mantha, komwe si koona.

Tengani choko mulembe mzere wosokera pa zonse ziwiri. Ngati mumasiya masentimita 1.5 a msoko, mzerewo ukhale masentimita 1.5 kuchokera m'mphepete. Kenako imikani tepi cham'mbali, iyime ndi mphepete yake, muziyendetsa motsatira kukhotako. Tepi yogoneka pansi siikhota bwino ndipo imanama. Musawerengere nsalu ya misoko ya paphewa, ya m'mbali ndi ya pansi pa mkono. Yezani kutsogolo pakokha, kumbuyo pakokha, mulembe manambala anayiwo papepala.

Mungapereke chitsanzo chenicheni cha mmene mumakonzera?

Mwezi wina mayi wina wa ku Kabwata anabwera ndi chitenge chomwe anagula ku Kamwala, akufuna diresi la chilanga mulilo cha mwana wa mchemwali wawo. Mtsikana yemwe ndimamuphunzitsa anadula potsatira patani yakale ya bulauzi yomwe tinali nayo. Atalumikiza mkono woyamba anabwera nkhope itagwa: "Amayi, taonani, ndayesa kawiri koma ukungokwinyika." Paphewa panali timapindo tisanu tating'ono, ngati kukamwa kwa thumba lomangidwa ndi chingwe.

Tinaphwasula n'kuyeza. Bowo linali masentimita 21 kutsogolo ndi 23 kumbuyo, onse pamodzi 44. Mutu wa mkono unali 49. Kotsala kanali masentimita 5, kokwanira jekete la ubweya, pa chitenge! Ngakhale telala wa zaka makumi atatu sakanaumeza mkono umenewo.

Tinafuna kutsika kufika pa 46.5. Choyamba ndinatsitsa nsonga ya mutu ndi sentimita imodzi. Ndinalemba kadontho sentimita imodzi pansi pa nsonga, n'kujambula mzere watsopano wokhota womwe unakakumana ndi wakale cha pakati pa mbali zonse ziwiri, mosalala, popanda kona. Nditayezanso ndinapeza pafupifupi 47.5. Sentimita imodzi yotsala ndinaichotsa pa msoko wa pansi pa mkono, theka uku theka uku, n'kumachepetsa potsikira kuchigongono. Ndisanatero ndinayang'ana kaye m'buku la miyeso: dzanja la mayiwo pamwamba linali masentimita 29, mkono unali 34 m'lifupi, choncho kutsika kufika pa 33 kunawasiyirabe malo okwanira. Dzanja likanakhala lodzaza sindikanakhudza m'lifupi.

Pomaliza tinaika chizindikiro cha paphewa pamalo oti kutsogolo kukhale 22 ndipo kumbuyo 24.5. Ndiye kuti kutsogolo kunatsala sentimita imodzi, kumbuyo imodzi ndi theka. Kumbuyo kumalandira kochulukirapo chifukwa dzanja la munthu limayenda kupita kutsogolo, nsalu ya kumbuyo ndi yomwe imakokedwa. Mtsikana yemweyo, pa makina omwewo, anaulumikiza kamodzi basi.

Musatsitse mutu mopitirira. Mukadula masentimita awiri kapena atatu nthawi imodzi, mkono umayamba kukoka ndipo mphepete yake ya m'munsi imatukuka kunja. Ngati nsalu simunadule, njira yabwino n'kukonza pa pepala: ng'ambani patani kuchokera pamutu kutsika m'malo atatu kapena anayi, musanjikize pang'onopang'ono pa malo alionse, mumate, mujambulenso mzere.

Kotsalako kamayenera kukhala mbali iti ya mutu?

Osati ponseponse. Gawani mutu wa mkono m'maganizo mwanu. Kumunsi, kuchokera kukhwapa kufika pa zizindikiro zija za patani (kachizindikiro kamodzi ndi kutsogolo, tiwiri ndi kumbuyo), mkono ndi bowo zimafanana ndendende. Kumeneko simuikako kotsala ngakhale pang'ono.

Pansonga penipeni, pafupifupi sentimita imodzi mbali iyi ndi imodzi mbali inayo ya msoko wa paphewa, pasiyeninso pafulati. Pamenepo mzere wosokera umayenda motsatira ulusi wa nsalu, ndipo nsalu siifinyika motsatira ulusi wake, imangopinda. Timapindo tambiri timene mumaona pamadiresi a m'misika tili pamenepa, chifukwa wosokayo anayambira kukhwapa n'kumakankhira kotsala konse kumwamba mpaka kataunjikana pansonga.

Malo omwe amameza ndi mapiri awiri aja, pakati pa chizindikiro ndi nsonga. Kumeneko mzere umadula nsalu mopingasa, ndipo nsalu yopingasa imalola kufinyidwa. Yesani nokha ndi kansalu kotsala: kakokeni motsatira ulusi, sikasuntha, kakokeni kuchokera kona kupita kona, katamuka. Komwe kamatamuka ndi komwenso kamafinyika.

Ngati munadula popanda patani ndipo mulibe zizindikiro, dzipangireni. Yezani masentimita 7 kapena 8 kuchokera kukhwapa pa bowo, muyezenso chimodzimodzi pa mkono, mulembe ndi choko, kutsogolo ndi kumbuyo komwe.

Ulusi wokokera uja ndiusoke bwanji?

Ikani makina pa msoko wautali, nambala 4 pa makina ambiri, ndipo ngati nsalu ndi yopyapyala 3 ndi wabwino chifukwa msoko wautali kwambiri umapanga mapindo akuluakulu. Masulani pang'ono ulusi wa pamwamba kuti wa m'bobini uzikokeka mosavuta. Sokani mizere iwiri pa mkono wokha, nkhope ya nsalu ili kumwamba, kuchokera pa chizindikiro cha kutsogolo kudutsa pansonga kukafika pa cha kumbuyo. Mzere woyamba ukhale pafupi kwambiri ndi mzere wosokera koma cha m'mphepete, monga pa masentimita 1.3. Wachiwiri ukhale pafupifupi mamilimita 6 kuchokera pa woyambawo, kulowera m'mphepete. Musabweze makina poyamba kapena pomaliza, ndipo siyani michira yaitali ya ulusi.

Mizere iwiri si mwambo chabe. Mzere umodzi umalola nsalu kupotoka n'kupanga timapindo tokhota. Iwiri imagwira nsalu kuti ifinyike mowongoka. Pa nsalu yomwe siionetsa mabowo a singano, ena amaika mzere umodzi mbali iyi ya mzere wosokera ndi wina mbali inayo, n'kusoka pakati, kenako n'kuchotsa woonekerawo. Imagwira bwino kwambiri, koma pa satini ndi pa chitenge cha mtundu wakuda kwambiri mabowo amatsala.

Pokoka, gwirani maulusi awiri a m'bobini pamodzi. Apa ndi pomwe dzanja limalakwa: limakoka ngati likupanga siketi ya mwana. Kokani pang'ono chabe, kenako tsetserezani nsalu ndi chikhadabo mpaka mzere wosokera ukhale wosalala. Mphepete yokha ndi yomwe izioneka yamafundemafunde. Mukauika mutuwo pa zala zanu uzidzipinda wokha ngati kachipewa.

Ndiyambe ndi mapini ati, ndipo ndisoke mbali iti ili kumwamba?

Sokani kaye msoko wa paphewa, wa m'mbali ndi wa pansi pa mkono, muisite. Tembenuzani chovala, mkono ukhale wosatembenuza, muulowetse m'bowo nkhope ndi nkhope. Mapini oyamba ndi anayi: kukhwapa, pansonga, ndi pa zizindikiro ziwiri zija. Ndi pamenepo pokha pomwe mumamaliza kukoka ulusi kuti mkono ufanane ndi bowo, n'kuukulunga pa pini kuti usabwerere.

Pobaya mapini otsala, pindirani nsalu zonse ziwiri pa chala chanu, mkono uli pamwamba. Nsalu ya kunja kwa chopindika imafuna utali wochuluka, choncho kotsala kamadzigawa kokha. Mapini alowe mopingasa msoko, atole nsalu yochepa pa mzere wosokera penipeni, motalikirana sentimita imodzi kapena imodzi ndi theka pa mapiri paja.

Kenako gwirizani ndi ulusi wa pamanja, timisoko tating'ono, muchotse mapini. Ndikudziwa kuti Disembala ikafika ndi maukwati ake palibe amene amafuna kumva za singano ya pamanja, koma mphindi khumi zimenezo n'zochepa poyerekeza ndi kuphwasula. Zimakupatsaninso mpata wotembenuza chovala n'kuchiona musanachimange.

Za mbali yokhala kumwamba, matelala amatsutsana. Mkono ukakhala pansi, mano a makina amakoka nsalu ya pansi mofulumira pang'ono kuposa ya pamwamba, choncho amakuthandizani kumeza kotsala. Koma simuona chomwe chikuchitika pansipo. Mkono ukakhala pamwamba mumaona kapindo kalikonse kasanafike pa singano. Wophunzira ndimamuuza kuti aike mkono pamwamba. Yambirani kukhwapa, mubwezere utali wa msoko pa nambala 2.5, muziyenda pang'onopang'ono. Zala za manja onse zikhale mbali ziwiri za phazi la makina, zikukoka nsalu pang'ono cham'mbali, osati kutsogolo kapena kumbuyo. Kukoka kwa m'mbaliko kumafafaniza timafunde singano isanafike. Mukaona kafunde kakukwera kutsogolo kwa phazi, imani singano ili pansi, kwezani phazi, mukagoneke ndi nsonga ya pini. Pa makina opalasa ndi mwendo, pa mapiri paja yendetsani gudumu ndi dzanja.

Palibe njira yachidule yopanda ulusi wokokera?

Ilipo, ndipo pa chitenge chomwe kotsala kake n'kochepa ndimaikonda. Sokani mzere umodzi pa mkono wokha, pafupi ndi mzere wosokera, chala chanu chili chotsamira kumbuyo kwa phazi la makina kuti nsalu isatuluke momasuka. Nsalu imaunjikana pa chalapo. Ikachuluka chotsani chala, muchibwezerenso. Mukamaliza mupeza mutu wafinyika wokha mofanana. Pansonga chotsani chala kuti pakhale pafulati. Njirayi imameza sentimita imodzi kapena ziwiri, osayembekezera kuti ingakupulumutseni pa zisanu.

Pa shati ndi yunifolomu ya sukulu, mkono umalumikizidwa chovala chili chotambasula, msoko wa m'mbali usanasokedwe, kenako mumatseka m'mbali ndi mkono ndi msoko umodzi. Zimatheka chifukwa mutu wake ndi waufupi. Pa diresi la mutu wautali njira imeneyi imapangitsa kukhwapa kukoka ndipo mkono sugwa mowongoka.

Ndasoka, ndipo pali kapindo kamodzi kapena tiwiri. Ndiphwasule zonse?

Ayi. Phwasulani masentimita awiri kapena atatu mbali zonse za kapindoko, mumwaze nsalu ndi chikhadabo, mugwirize ndi ulusi wa pamanja, musokenso pomwepo. Koma timapindo tikapitirira titatu kapena tinayi mbali imodzi, musavutike, bwererani ku tepi. Nsalu ikukuuzani kuti yachulukirwa.

Yang'ananinso mbali ya chovala. Nthawi zina kapindo sikali pa mkono koma pa thupi la diresi, lomwe linadzipinda pansi inu mukuyang'ana pamwamba. Muzipisa dzanja pansi kawirikawiri posoka.

Palibe kapindo, koma msoko wonse ukuoneka wokwinyika ngati wafota. Chavuta n'chiyani?

Limenelo ndi vuto la makina. Kawirikawiri ulusi wathina kwambiri, kapena singano yabuntha, kapena ndi yaikulu kuposa nsalu. Pa chitenge singano ya 80/12 kapena 90/14 imakwana, pa nsalu yopyapyala 70/10. Tengani zidutswa ziwiri za nsalu yomweyo musoke mzere wowongoka. Ukakwinyikanso, mkono ulibe mlandu.

Chinanso, munaiwala kuchotsa kapena kumasula ulusi wokokera. Ukatsala wothina umapitiriza kukoka msoko ngakhale mutasita.

Nanga kusita? Ena amati mutu wa mkono susitidwa.

Akunena zoona pang'ono. Chomwe simuyenera kuchita ndi kugoneka phewa pa tebulo n'kulipsinja ndi nsimbi kuchokera kunja, chifukwa mumapha kubulungira komwe mwavutikira. Kusita koyenera kumachitika kawiri. Koyamba, musanalumikize: mutakoka ulusi, vekani mutuwo pa thaulo lokulungidwa molimba, muike kansalu konyowa, mugunde ndi nsonga ya nsimbi pa nsalu ya msoko yokha. Pa ubweya mudzaona mafunde akuzimiririka. Pa thonje amagona pang'ono. Kachiwiri, mutasoka: sitani msoko kuchokera mkati, nsonga ya nsimbi isapitirire mzere wa ulusi, kenako ndi zala lozetsani nsalu ya msoko kulowa mumkono. Nsalu imeneyo ndi yomwe imatukula mutu kuti ugwe mokongola kuchokera paphewa, choncho pamwamba musaidule kwambiri.

Magetsi akazima, nsimbi ya makala ndi kansalu konyowa zimagwira ntchitoyi bwino lomwe, bola kupukuta pansi pake phulusa lisadetse nsalu ya kasitomala.

Kukhwapa n'kosiyana. Pakati pa zizindikiro ziwiri za kumunsi sokani mzere wachiwiri mamilimita ochepa kuchokera pa woyamba, mudule nsalu yotsala pafupi ndi mzerewo kuti isamakwinyike pansi pa dzanja. Musatemeteme msoko wa kukhwapa ndi sizasi, ndi pamalo pomwe chovala chimayambira kung'ambika. Ovaloko, makina odula n'kumanga mphepete ya nsalu, ibwere pomaliza, mutakhutira, chifukwa mpeni wake ukadya nsalu simudzabwezanso.

Msoko ndi wosalala, koma munthu akavala mkono ukupotoka kapena kuonetsa mizere. Ndiwerenge bwanji mizereyo?

Choyamba onetsetsani kuti simunasinthanitse mikono. Mkono wamanja ndi wamanzere si mapasa ofanana: kutsogolo kwa mutu n'kokumbika kwambiri, kumbuyo n'kodzaza. Pa chitenge chomwe mbali zake zonse zimaoneka zofanana n'kosavuta kudula mikono iwiri ya dzanja limodzi. Ine zinandichitikira pa jekete la mkwatibwi usiku woti mawa ukwati, ndipo nsalu yotsala inalibe duwa lofanana. Kuyambira tsiku limenelo ndimalemba mtanda wa choko kuseri kwa chidutswa chilichonse ndisanachinyamule patebulo.

Ngati mikono ili m'malo mwake, muimike munthuyo manja ali pansi. Mizere yogona, nsalu yolendewera pansi pa phewa, ikutanthauza kuti mutu watalika, utsitseni. Mizere yokoka kuchokera pansonga kutsika mbali zonse, ndi mphepete ya mkono yotukuka kunja, ikutanthauza kuti mutu wafupika, ndipo mungapezeko pang'ono posoka msoko wocheperako pamwamba. Mizere yopendekera mbali imodzi yokha ikutanthauza kuti mkono ukufuna kuzunguliridwa. Anthu ambiri, makamaka okhala pa desiki ndi azimayi achikulire, mapewa awo anapendekera kutsogolo. Phwasulani pamwamba, musunthe chizindikiro cha pansonga theka la sentimita kapena sentimita imodzi, muyesenso mpaka ulusi wa nsalu utsike mowongoka kuchokera paphewa.

Bowo langa likuoneka kuti lakula ndipo latamuka ndisanaike mkono. Ndichite chiyani?

Bowo nalonso lili ndi mbali zopingasa, ndipo limatamuka chovala chikamakokedwakokedwa, kuyesedwa kapena kupachikidwa pa msomali masiku angapo. Mukangodula, sokani mzere umodzi wa msoko wamba kuzungulira bowo, pafupi ndi mzere wosokera cha m'mphepete, kuchokera paphewa kutsika kukhwapa. Ngati latamuka kale, ligonekeni pa patani yake, mulipatse nthunzi n'kulikankhira m'malo mwake ndi zala, lizizire musanalinyamule. Musakulitse mkono kuti ufanane ndi bowo lotamuka, chifukwa phewa lidzayasama kutsogolo ndipo lamba wa zovala zamkati azidzaonekera.

Ndiyesere pa chiyani ndisanagwire nsalu ya kasitomala?

Pitani pa salaula, pogulitsa zovala zovalidwapo kale, ku msika wa Soweto mugule bulauzi kapena jekete lotsika mtengo la mkono wosalala. Phwasulani mkono umodzi wokha mosamala, winawo muusiye kuti muzionerapo. Sitani mkono wophwasulawo, muyeze mutu ndi bowo pa mzere wa mabowo a singano, muone kotsala komwe anaika ndi komwe anakagawira. M'jekete mupezamo kansalu kofewa kosokeredwa pamutu kuti kautukule, muone mmene kanakhalira. Kenako ubwezereni mkonowo. Mukamaliza pachikani chovalacho pa hang'ala, mubwerere m'mbuyo mapazi atatu, muyerekeze mapewa awiriwo.